Kuchoka pa 40 kufika pa 50: ndi 10% kapena 25%?

Temu yatha mwana wa mlongo wanga, mtsikana wa giredi 12 pa sukulu ina konkuno ku Chipata, anabwera kunyumba ndi zotsatira za mayeso a moko ndipo pa masamu panali 40%. Pansi pake aphunzitsi analemba ndi bolopeni yofiira kuti akufunika akwere ndi 10% kuti apeze kirediti. Alamu anga ndi munthu wa bizinesi, amagulitsa zovala pa Kapata ndipo masamu a ndalama ali nawo m'mutu, ndiye anangotenga foni nkudina 10% ya 40, foni inapereka 4, iwo nkuti "aa ndiye 44 chabe, zimenezi ndi za sabata imodzi, palibe chifukwa cholipira matyushoni." Mtsikana uja anati "iyayi adadi, kirediti imayambira pa 50." Anakangana mpaka nsima inazizira, kenako anandiimbira ine chifukwa ndimathandizako ana masamu madzulo, mtsikanayo ndiye anayamba kuyankhula, "amalume tiuzeni, walakwa ndani apa?"

Ndinawauza kuti foni sinalakwe, 10% ya 40 ndi 4 ndithu, komanso mwanayo sanalakwe, mzere uli pa 50. Vuto lili pa kachizindikiro ka % kamene kakugwira ntchito ziwiri zosiyana pa pepala limodzi, ndipo anthu ambiri, ngakhale ophunzira bwino, amazisakaniza osadziwa kuti asakaniza. Ndikufuna ndizimasule pang'onopang'ono, ndigwiritsa ntchito 40 yomweyo ya mtsikanayu mpaka kumapeto kuti tisasokere.

Peresenti payokha

Tiyambe ndi 40% yomweyo, kodi imachokera kuti. Pepala lomwe analemba linali la mamakisi 80 ndipo iye anapeza 32. Manje 32 pa 80 ndi yovuta kuiyerekeza ndi phunziro lina lomwe pepala lake linali pa 60 kapena pa 120, ndiye timazibweretsa zonse pa muyezo umodzi wa 100. Timagawa 32 ndi 80 nkuchulukitsa ndi 100, yankho 40. Tanthauzo lake ndi lakuti pepalalo likanakhala la mamakisi 100 iye akanatola 40.

Mawu akuti peresenti anachokera ku Chilatini ndipo amangotanthauza "pa 100 aliyense". Kawerengedwe aka ndi kakale kwambiri, mfumu Augusto ya ku Roma inkadula msonkho wa gawo limodzi pa magawo 100 pa katundu wogulitsidwa pa okishoni, ndipo chizindikiro cha % chinachita kukula pang'onopang'ono kuchokera ku chidule chomwe amalonda a ku Italy ankalemba m'mabuku awo cha m'ma 1400. Ife tili ndi chitsanzo chapafupi m'thumba mwathu momwe, kuyambira 1968 ndalama yathu ndi kwacha yokhala ndi mangwee 100. Ngwee imodzi ndi 1% ya kwacha. Munthu amene ali ndi mangwee 40 ali ndi 40% ya kwacha, ndi chimodzimodzi mtsikana wathu uja ndi pepala lake.

Koma pali chinthu chimodzi choti mugwire apa, chifukwa mkangano wonse wa kwa alamu unagona pamenepa. Peresenti siimaima yokha, nthawi zonse imakhala peresenti YA chinachake. 10% ya thumba la chimanga la makilo 50 ndi makilo 5, 10% ya meda ndi kambale chabe. Ndiye munthu akanena kuti "ukwere ndi 10%" funso loyamba ndi lakuti 10% ya chani? Aphunzitsi ankanena 10% ya pepala lonse. Alamu anamva 10% ya zomwe mwanayo anapeza. Pepala lonse ndi 80, zomwe anapeza ndi 32, zinthu ziwiri zosiyana, ndiye mayankho sakanafanana.

Mapointi a peresenti

Njira yoyamba yonenera mtunda womwe watsala ndi kuchotsera basi. Akufuna 50%, ali pa 40%, 50 kuchotsa 40 ndi 10. Nambala imeneyi dzina lake lenileni ndi mapointi a peresenti, ena amati maperesenteji pointi, m'malipoti ena mupeza alemba mwachidule pp. Pointi imodzi ya peresenti ndi sitepe imodzi pa makwerero a 0 mpaka 100, ndipo sitepe iliyonse ndi yofanana ndi inzake, kuchoka pa 12 kupita pa 13 ndi pointi imodzi, kuchoka pa 88 kupita pa 89 ndi pointi imodzinso.

Ndimakonda kuyerekeza ndi zikwangwani za makilomita pa msewu wa Great East. Ukayenda kuchoka pa chikwangwani cha 40 kufika pa cha 50 wayenda makilomita 10, zilibe kanthu kuti unayambira kuti ulendo wako kapena watopa bwanji, mtunda ndi womwewo kwa wapanjinga ndi wapabasi.

Mawu amenewa anabwera chifukwa cha chisokonezo chomwechi, makamaka kwa anthu owerenga za misonkho, chiwongola dzanja ndi mavoti, komwe chinthu chomwe chikusintha chimakhala kuti ndi peresenti kale. Chitsanzo cha kwathu kuno, mu 2008 boma linatsitsa msonkho wa VAT kuchoka pa 17.5% kufika pa 16%. Unatsika ndi mapointi 1.5. Munthu akanati unatsika ndi 1.5% wina akanatenga foni ngati alamu anga nkupeza kuti wangochoka pa 17.5 kufika pafupifupi 17.2, zomwe si zoona. A mabanki anapita patali kuposa pamenepo, iwo pointi imodzi amaidulanso magawo 100 nkumati mabesisi pointi, ndiye mukamva pa wailesi kuti Bank of Zambia yakweza chiwongola dzanja ndi mabesisi pointi 50 ndiye kuti akweza ndi theka la pointi, mwachitsanzo kuchoka pa 9% kufika pa 9.5%. Anapanga mawu awoawo dala kuti pasakhale wofunsa kuti peresenti ya chani.

Ubwino wa mapointi kwa mwana wa sukulu ndi wakuti amasanduka mamakisi enieni mosavuta. Pepala la mamakisi 80, pointi imodzi ndi 0.8, ndiye mapointi 10 ndi mamakisi 8. Anapeza 32, akufunika 40 pa 80. Titakhala pansi Loweruka lotsatira ndi pepala lake lija tinayamba kufufuza mamakisi 8 amenewo funso ndi funso, tinapeza 3 anataya pa galafu yomwe sanalembe maina a mizere, 2 pa funso lomwe anapeza yankho lolondola koma osaonetsa njira, ndipo panali funso lathunthu la mamakisi 6 kumapeto lomwe sanaliyambe nkomwe chifukwa nthawi inamuthera. Nkhope yake inasintha pomwepo, chifukwa "10%" inali ngati mtambo koma mamakisi 8 anatha kuwaloza ndi chala.

Kukwera kwa peresenti

Njira yachiwiri imafunsa funso lina, kuti poyerekeza ndi pomwe uli manje, ukufunika uwonjezere gawo lalikulu bwanji? Apa sitichotsera chabe, timachotsera kenako nkugawa ndi nambala yoyambira.

(chatsopano − chakale) ÷ chakale × 100

Kwa mtsikana wathu, 50 kuchotsa 40 ndi 10, 10 kugawa ndi 40 ndi 0.25, kuchulukitsa ndi 100 ndi 25. Akufunika akwere ndi 25%. Mutha kuyesa ndi mamakisi enieni muone kuti zigwirizana, 8 kugawa ndi 32 ndi 0.25 yomweyo. Kunena kwina, pa mamakisi 4 aliwonse omwe amatola manje akufunika azitola 5.

Kawerengedwe aka ndi ka amalonda, ndi chifukwa chake alamu anakathamangira, ndi kamene amakagwiritsa ntchito tsiku lililonse. Ukaoda malaya pa K40 nkugulitsa K50 phindu ndi K10, ndipo wamalonda aliyense akuuza kuti wapanga 25% chifukwa amayeza ndi ndalama yomwe analowetsa. Mitengo ya ufa, malipiro, zokolola, zonsezi zikakwera timanena motere ndipo palibe chisokonezo, chifukwa mtengo uli mu makwacha ndipo kukwera kuli mu peresenti, ukamva % umadziwiratu kuti akunena kukwera. Pa magiredi ndi pomwe zimavuta chifukwa chinthu chokweracho chavala kale % ndipo kukwera kwake kwavalanso %.

Alamu nditawafotokozera ndi malaya awo omwe anakhala chete pang'ono kenako anati "ndiye mukuti mwanayu akufunika phindu la kota?" Ndinati eya alamu, ndi momwemo. Anati "kota si masewera." Ndipo apa ndi pomwe ndimaona kuti njira yachiwiriyi ili ndi ntchito yake, imakuuza kulemera kwa katundu poyerekeza ndi msana wa womunyamula. Mapointi 10 omwewo kwa mwana amene ali pa 20 ndi kukwera kwa 50%, kwa amene ali pa 40 ndi 25%, kwa amene ali pa 80 ndi 12.5%. Zili ngati alimi awiri ku Katete, wina anakolola matumba 4 a nshawa chaka chatha wina matumba 40, onse awonjezera thumba limodzi chaka chino. Thumba ndi thumba, pa sikelo zifanana, koma woyambayo wakwera ndi kota yonse pomwe wachiwiriyo mwina sanazindikire nkomwe.

Manje taonani zomwe zikanachitika banja likanatsatira 44 ija. Pa tebulo lomwe masukulu ambiri a sekondale amagwiritsa ntchito pa giredi 12, pomwe zotsatira zimapatsidwa magiredi kuyambira 1 wapamwamba mpaka 9 wolephera, 40 mpaka 44 ndi giredi 8, 45 mpaka 49 ndi giredi 7, ndipo kirediti, giredi 6, imayambira pa 50. Mwana akanalimbikira, nkukwera ndi 10% monga momwe adadi ake anamvera, nkufika pa 44, akanakhala akadali mu giredi 8 momwe anali, osasuntha olo bokosi limodzi. Ndipo popeza makoleji ambiri amafuna makirediti 5, ena amatchula masamu mwachindunji, kusamvana kwa mawu awiri kukanatha kumudyera chaka. Zimenezi zimandikhudza, chifukwa mwana akanachita zonse zomwe anauzidwa.

Kutsika ndi kukwera sikufanana

Pali kanthu kena komwe kamadabwitsa anthu ambiri. Mtsikanayu ali giredi 11 anapezapo 50% pa masamu. Kuchoka pa 50 kufika pa 40 anatsika ndi mapointi 10, ndipo kuti abwerere akufunika mapointi 10, apa zonse zili bwino, msewu wopita ndi wobwerera ndi umodzi. Koma mu peresenti, kutsika kuja kunali 10 kugawa ndi 50, ndiye 20%, pomwe kubwerera ndi 10 kugawa ndi 40, ndiye 25%. Anatsika ndi 20% koma akakwera ndi 20% afika pa 48 chabe, kirediti yamuphonya ndi mapointi 2.

Palibe matsenga apa, chomwe chasintha ndi nambala yogawira. Potsika timayeza ndi 50, pokwera timayeza ndi 40, ndipo 20% ya 40 ndi yochepa kuposa 20% ya 50. Amalonda amazidziwa izi, ukatsitsa mtengo ndi theka kuti katundu ayende, kuti ubwerere pa mtengo wakale umafunika kuwirikiza kawiri osati kuwonjezera theka.

Chifukwa chomwechi maperesenti a kukwera saphatikizidwa ngati mapointi. Mwana akakwera mapointi 5 temu ino ndi mapointi 5 temu yamawa wakwera mapointi 10, basi. Koma akakwera 10% kenako 10% ina kuchokera pa 40, amafika pa 44 kenako 48.4, zomwe ndi 21% osati 20%, chifukwa 10% yachiwiri ija ikutengedwa pa 44.

Mungadziwe bwanji zomwe munthu akutanthauza

Pa sukulu, kwa zomwe ine ndaona, mphunzitsi akalemba pa lipoti kuti mwana akwere ndi 10% pafupifupi nthawi zonse amatanthauza mapointi, chifukwa iye maso ake ali pa mzere wa giredi ndipo akungochotsera. Sindikuwaimba mlandu, ndi momwe tonse timayankhulira, ndipo m'kalasi ana amamva. Koma musangoganizira, pali njira yachidule yoonera. Tengani nambala yomwe mwana ali nayo, phatikizani nambala yomwe yanenedwayo, muone ngati mukugwera pa mzere wodziwika. 40 kuphatikiza 10 ndi 50, mzere wa kirediti ndendende, ndiye anali mapointi. Njira inayo ikupereka 44 yomwe si mzere wa chilichonse.

Nthawi zina nambala yokha imakuuzani. Mwana ali pa 15 sangakwere ndi mapointi 100 chifukwa ikhala 115 ndipo pepala limathera pa 100. Ndiye mukamva kuti mwana "wakwera ndi 100%" musaganize kuti wakhoza zonse, mwina wachoka pa 15 kufika pa 30, wawirikiza kawiri inde koma akadali pansi pa 40.

Chophweka kuposa zonse ndi kufunsa manambala awiri, ali pa zingati ndipo akufunika afike pa zingati. Mukakhala ndi 40 ndi 50 m'manja mutha kuwerenga nokha zonse ziwiri ndipo palibe angakusokonezeni. Zimathandizanso pomwe zotsatira za mayeso zatuluka ndipo pa wailesi akuti chiwerengero cha okhoza chakwera ndi maperesenti akutiakuti, dikirani mumve cha chaka chatha ndi cha chaka chino. Tinene kuti pa sukulu ina chachoka pa 60% kufika pa 66%, wina anena kuti chakwera ndi mapointi 6, wina anena 10%, onse akunena zoona, koma 10 imamveka yokoma kuposa 6 ndiye munthu amasankha malinga ndi zomwe akufuna kuti mumve.

Mapointi enawa a giredi 12

Apa ndiyenera kuima pang'ono chifukwa kuno kwathu mawu akuti mapointi ali kale ndi mwini wake. Ukati "mapointi 10" kwa mwana wa giredi 12 iye amva zina, amva mapointi a pa satifiketi, aja timati wakuti wapeza mapointi 6, wakuti mapointi 18. Mtsikana wathu nditangoti ukufunika mapointi 10 anadzidzimuka nkuti "amalume, ine mapointi 10 ndingawapeze kuti?" Iye anamva kuti ndikufuna madistinkishoni okhaokha.

Mapointi amenewo ndi chinthu china. A Examinations Council of Zambia, bungwe lomwe linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1983, amapereka giredi ya 1 mpaka 9 pa phunziro lililonse, kachitidwe komwe kanachokera ku mayeso a Cambridge omwe makolo athu ankalemba. 1 ndi 2 ndi distinkishoni, 3 ndi 4 meriti, 5 ndi 6 kirediti, 7 ndi 8 wangodutsa, 9 walephera. Mapointi ndi kuphatikiza magiredi a maphunziro 6 omwe wachita bwino kwambiri, ndipo apa ochepa ndiye abwino, 6 ndiye pamwamba penipeni.

Ndiye taonani, mtsikanayu akakwera mapointi a peresenti 10 pa masamu, kuchoka pa 40 kufika pa 50, giredi yake ichoka pa 8 kufika pa 6, ndipo ngati masamu ali m'gulu la maphunziro 6 aja mapointi ake a pa satifiketi atsika ndi 2. Kukwera 10 uku, kutsika 2 uko, nkhani imodzi. Ndipo magiredi a 1 mpaka 9 musamawawerengere peresenti, kunena kuti kuchoka pa 8 kufika pa 6 ndi kusintha kwa 25% kulibe tanthauzo, chifukwa manambala amenewo ndi maina a mabokosi chabe ndipo mabokosiwo si ofanana kukula. Pa tebulo lija la kusukulu bokosi la giredi 6 lili ndi manambala 5 okha, 50 mpaka 54, pomwe la giredi 9 likuyambira pa 0 mpaka 39 ndipo la giredi 1 likuyambira pa 75 mpaka 100. Mwana atha kuchoka pa 10 kufika pa 38, ntchito yaikulu zedi, giredi nkukhalabe 9, wina nkungochoka pa 49 kufika pa 50 giredi nkusintha.

Pomwe giredi ili ndi zigawo ziwiri

Ili ndi gawo lomwe limagwetsa ambiri a ku koleji, ndipo ndi pomwe kusiyana kwa njira ziwirizi kumakula kwambiri. M'makoleji ndi m'mayunivesite giredi yomaliza nthawi zambiri imaphatikiza ntchito za mkati mwa temu, matesiti ndi maasainimenti, ndi mayeso akumapeto, chilichonse ndi kulemera kwake. Kagawidwe kamasiyana malo ndi malo, koma tinene kuti za mkati zili ndi magawo 40 pa 100 ndipo mayeso akumapeto ali ndi 60.

Titenge 40 yathu yomweyo. Wophunzira wapeza 40% pa za mkati, ndiye wasunga 16 pa 40 aja. Ngati pa mayeso apezanso 40% ndiye 24 pa 60, zonse pamodzi 40. Akufuna 50, mapointi 10 atsala. Iye amaganiza kuti ndikapeza 50% pa mayeso ndadutsa. Ayi. 50% ya 60 ndi 30, kuphatikiza 16 uja ndi 46. Za mkati zinatsekedwa kale, sizingasinthe, ndiye mapointi 10 onse akuyenera kuchokera ku mayeso okha, ndipo pointi iliyonse ya pa mayeso imangolemera 0.6 pa giredi yomaliza.

Kawerengedwe kolondola ndi kuyambira kumapeto. Akufuna 50, ali ndi 16, patsala 34, ndipo 34 ameneyo achokere pa 60. 34 kugawa ndi 60 ndi pafupifupi 56.7%, ndiye pa mayeso alinge 57. Manje onani momwe chinthu chimodzi chatulutsira manambala angapo. Giredi yomaliza ikwere ndi mapointi 10, zomwe ndi 25%. Koma pa pepala la mayeso akufunika akwere ndi mapointi pafupifupi 17, kuchoka pa 40 kufika pa 57, ndipo poyerekeza ndi momwe amakhozera masiku onse kumeneko ndi kukwera kopitirira 40%. Munthu amene anauzidwa kuti "ukungofunika 10% chabe" akulowa m'holo ya mayeso ali ndi chithunzi cholakwika cha phiri lomwe lili patsogolo pake. Zili ngati anthu awiri amayenera kunyamula thumba, mmodzi wakhala pansi, wotsalayo sanyamula theka lake lokha.

Zomwe anthu sanagwirizanebe

Masamu ake alibe mkangano, mapointi 10 ndi 25% zonse ndi zoona za mtsikana mmodzi. Mkangano uli pa kusankha yoti unene, ndipo apa ndamva aphunzitsi akutsutsana mwaulemu koma mwamphamvu.

Funso loyamba ndi la mphoto ya mwana amene wasintha kwambiri, ija amapereka pa tsiku la mphoto. Tinene ana atatu, woyamba wachoka pa 20 kufika pa 30, wachiwiri pa 40 kufika pa 52, wachitatu pa 80 kufika pa 90. Mukayeza ndi mapointi wachiwiri wapambana, 12 pomwe anzake ali ndi 10. Mukayeza ndi peresenti woyamba wapambana, 50% pomwe wachiwiri ali ndi 30% ndipo wachitatu 12.5%. Koma pali aphunzitsi ena amati dikirani, yezani ndi mamakisi omwe mwana ankataya. Wachitatu ankataya 20 ndipo wabweza 10, theka lathunthu, pomwe wachiwiri ankataya 60 wabweza 12, gawo limodzi pa 5, woyamba ankataya 80 wabweza 10, gawo limodzi pa 8. Ndi njira imeneyi wachitatu ndiye wapambana, ndipo iwo amati ndi chilungamo chifukwa mafunso omwe amatsalira mwana wa 80 amakhala ovuta kwambiri pa pepala lonse. Ana atatu, njira zitatu, aliyense wapambana kamodzi. Mphoto ipite kwa ndani?

Funso lachiwiri ndi la zomwe tiziuza mwana ndi makolo. Ena amati nenani mapointi kapena mamakisi enieni chifukwa ndi omwe mwana angawasake pa pepala, monga tinachitira ndi mamakisi 8 aja, ndipo 25% ingamuopseze mwana wofooka kale mtima. Ena amati kholo lomwe likuganiza zolipira matyushoni kapena kumuchepetsera mwana ntchito za pakhomo likufunika limve 25%, chifukwa 10 imamveka yopepuka ndipo anthu amagona nayo. Kwa alamu anga inagwira ntchito ndi kota ija, kwa mwana wawo inagwira ntchito ndi mamakisi 8, nyumba imodzi.

Palinso funso lakuti kodi 40% ya pa moko ndi 40% ya pa mayeso enieni ndi chinthu chimodzi. Mapepala amasiyana kuvuta, ochonga amasiyana, ndipo satifiketi imaonetsa giredi osati mamakisi, ndiye kodi mwana alinge pa 50 ndendende kapena aikepo mapointi ena apamwamba odzitetezera, ndipo angati? Aphunzitsi ena amati 5 akwana, ena amati alinge bokosi lotsatira lonse.

Ndipo lomaliza ndi la chiyankhulo chathu chomwe. Tikati mapointi ana a giredi 12 amamva za satifiketi, tikati peresenti amalonda amamva phindu, tikati mamakisi zimagwira pokhapokha pepala lili pa 100. Kodi pa lipoti aphunzitsi azilemba chani kuti agogo ku Chadiza, adadi pa Kapata ndi mwana mwini wake onse amve chimodzi? Mlongo wanga akuti azingolemba "ali pa 40, afike pa 50" osatchula kukwera nkomwe, alamu akuti iwo akufunabe aziona kota yawo, ndipo mtsikanayo akuti amulembere mamakisi omwe atsala pa pepala lililonse.